Dzina Limene Kompyuta Inakana

Fridah Sakala anagwira ntchito pa windo lolembera odwala pa chipatala china cha mishoni ku Rufunsa kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo pofika mu 1996 anali atatopa mpaka m'mafupa. Odwala anali kuchuluka mwezi ndi mwezi, ambiri a iwo achinyamata oonda, otsokomola, obwera atanyamulidwa pa njinga. Antchito okha ndiwo sanali kuchuluka. Mnzake wa pa windo anamwalira chaka cha m'mbuyo mwake, ndipo mpando wake anangoikapo mabokosi a makhadi.

Kompyuta inabwera ndi anthu akufuna kwabwino. Inali yakale kale pofika, ya sikirini yakuda ndi zilembo zobiriwira, ndipo imagwira ntchito pokhapokha jenereta ikulira. Ba Dennis, mnyamata wophunzira wa ku Lusaka, anakhala nawo masabata atatu akulemba pulogalamu yosungira maina. Chimene anali kunyadira kwambiri chinali kabokosi kofufuzira dzina.

Vuto analiona msanga. Munthu mmodzi yemweyo amakhala ndi makhadi atatu, chifukwa dzina lake analilembapo nesi wa Chibemba, sisitere wa kunja, ndi kalaliki wa njala, aliyense monga khutu lake linamvera. Tsono kabokosi ka Ba Dennis sikanali kufuna dzina lofanana ndendende. Kamatenga dzina limene walemba n'kuliyerekeza ndi dzina lililonse la m'kaundula, kuwerenga kuti pafunika kukonza kangati kuti awiriwo afanane. Kuchotsa chilembo n'kukonza kumodzi, kuwonjezera chilembo n'kumodzi, kusintha chilembo china ndi chinzake n'kumodzinso. Nelly ndi Nely asiyana kamodzi. Festus ndi Festas kamodzi. Maina amene apezeka amabwera pa mndandanda, oyandikira kwambiri ali pamwamba, lililonse ndi nambala yake pambali.

Pakona pa sikirini panali nambala ina, malire a kukonzako. Ba Dennis anaika 3, nati isakhudzidwe, n'kukwera minibasi kubwerera kwawo.

Iwo sanaimepo pa windo lija Lolemba m'mawa. Nambala ija ili pa 3, kompyuta imaganiza mphindi zinayi pa dzina limodzi, maina a m'kaundula ali zikwi khumi ndi zinayi, mzere wa anthu utafika ku mtengo wa mango. Ikatha kuganiza imakhuthula chigulu. Ukafuna Abel Zulu imakupatsanso Abel Lungu, poti kuchoka pa Zulu kufika pa Lungu n'kukonza katatu basi. Fridah amawerenga mndandandawo maso akuwawa, kunja mayi wina akukomoka, nesi akugogoda pa chitseko. Tsiku lina anangosintha nambala ija kukhala 1. Kompyuta inayamba kuthamanga, chifukwa tsopano dzina lotalika kapena lofupika kwambiri imalidumpha, ndipo lina lililonse imalisiya panjira ikangoona kuti kukonza kwapitirira kamodzi. Mzere unayamba kutha dzuwa lisanafike pamutu. Asisitere anamuyamikira, ndipo iye sanauze munthu chimene anachita. Kunena zoona, amene sanatopepo chotere ndiye angamuweruze mosavuta.

Lolemba lina mu Juni, pa windo panafika mayi wamkulu wa fumbi mpaka m'mawondo. Anati dzina lake ndi Olipa, wachokera ku Shikabeta, ndipo sanali kudwala.

"Nifuna mwana wanga, ba kalaliki. Yoram Mwalukanga. Anali kutentha malasha ku Chinyunyu. Anzake akuti anagwa pa msewu, wa lole anamunyamula. Sadziwa kumene anamupeleka."

Fridah analemba dzinalo m'kabokosi. Sipanapite nthawi, sikirini inayankha kuti palibe.

"Kuno sanabwere, amai."

"Yang'anani bwino, mwana wanga."

"Makina ayang'ana maina onse. Ngati mufuna, pitani mukaone mu wodi ya amuna."

Olipa anapita, nayenda bedi ndi bedi, nabwerako. Fridah anamumvera chisoni, koma chisoni cha munthu amene kumbuyo kwa mayiyo akuona mitu makumi anayi. Anang'amba kapepala, nalembapo dzina la Yoram, nadindapo chidindo cha tsikulo, namuuza kuti a malole ambiri amapitirira ndi odwala mpaka ku Lusaka, akafunse ku chipatala chachikulu. Mayiyo anamanga kapepalako pa nsonga ya chitenje, nathokoza mogwada pang'ono, napita. Fridah anaitana wotsatira.

Anabweranso mu Ogasiti, mphepo ya fumbi ikuwomba. Fridah sanamuzindikire mpaka pamene anamasula mfundo ya chitenje n'kuyala kapepala kaja pa windo, kakuda ndi thukuta, chidindo chikuonekabe: 10 Juni.

"Ku Lusaka kulibe," anatero Olipa. Mawu ake anali ouma, a munthu amene wanena chinthu chimodzi kwa anthu ambiri. "Nayenda mawodi onse. Ku mochale, kosungira mitembo, ananitsegulira madirowa, naona ana a eni ake. Manje wa lole uja napezana naye pa Chinyunyu. Akuti anamusiya pano, pa geti iyi, anamupatsa ba nesi m'manja."

Fridah anatembenukira ku kompyuta. Anayang'ana pakona pa sikirini, pamene panali ka 1 kake kaja, kali phee monga kanakhalira miyezi yonseyi. Anakafufuta, naikapo 3, nalembanso dzinalo. Kompyuta inayamba kung'ung'udza. Bambo wina pa mzere anadandaula kuti ena abwera ndi matenda, osati nkhani. Fridah anangoyang'anitsitsa sikirini. Mphindi zinayi zija anadana nazo kwa nthawi yaitali, koma tsiku limeneli analakalaka zisathe.

Mndandanda unabwera waufupi, poti dzina lalitali silikhala ndi anzake ambiri. Pamwamba panali Joram Malukanga, pambali pake nambala 2. Chilembo choyamba chinasinthidwa, china chinagwa pakati. Kukonza kuwiri kokha, ndipo malire ake a 1 anatseka chitseko pa kachiwiriko.

Anatsegula khadilo. Mwamuna wa zaka ngati makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Mudzi analembapo Chinyunyu, kumene anatoledwa. Anafika pa 4 Juni, matenda atakwera kumutu, akuyankhula zosamveka, ndipo dzinalo nesi analitola m'kamwa mwake momwemo. Sanamugoneke mu wodi ya amuna. Anamuika m'kanyumba ka odwala opatsirana, kuseri kwa malo ochapira zovala, kumene mlendo sapita popanda womutuma. Pansi pa khadilo panali mzere umene Fridah anauwerenga katatu. Anamwalira pa 18 Juni, ndipo popeza panalibe wobwera kudzamutenga, anaikidwa ku manda a mishoni.

Anatseka windo, chinthu chimene sanachitepo nthawi ya ntchito, nazungulira kukatenga mayiyo pa dzanja. Anamulowetsa mu ofesi, nachotsa mabokosi pa mpando wa malemu mnzake uja, namukhazika. Fridah anagwada pansi.

"Amai, mwana wanu anabwera kuno. Dzina analilemba mosiyana pang'ono. Anatisiya, amai. Ali ku manda ya mishoni, nizakupelekani."

Olipa sanalire. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu umene anali kuudziwa kale. Kenako anayamba kusisita bondo lake.

"Ninali kudziwa," anatero. "Mtima unaniuza kale ku Lusaka. Anamwalira liti?"

Apa ndiye panali poyesera munthu. Mayiyo sanali kudziwa kuwerenga. Sikirini inali kumbuyo kwake, ndipo ngakhale akanaiyang'ana, zilembo zobiriwirazo sizikanamuuza kanthu. Fridah akanatha kunena kuti pa 8, kuchotsa kachilembo kamodzi kokha, ndipo mayiyo akanapita ku Shikabeta ndi mtima woti anachedwa ndi masiku awiri, mlandu wa mtunda ndi miyendo. Bodzalo linafika mpaka pa lilime. Koma anali atatopa kwambiri, ndipo anaona kuti bodza limenelo adzalisenza yekha tsiku lililonse pa windo lomweli. Analibe mphamvu zolisenzera.

"Pa 18 Juni, amai."

"Ine ninabwera liti?"

"Pa 10."

Olipa anatambasula zala, nayamba kupinda chimodzi chimodzi, milomo ikuyenda. Anafika pa zisanu ndi zitatu, naima, nayang'ana zala ziwiri zotsalazo.

"Ninali pano, iye ali moyo."

"Inde, amai. Anali kuseri uko. Makina sanalakwe. Ndine ninachepetsa kufufuza kuti mzere uziyenda msanga. Sembe ninasiya monga anaikira, dzina lake likanatuluka tsiku lija."

Fridah sanadziwe ngati mayiyo anamva za makinazo. Anayembekezera kutukwanidwa, ndipo mwina kukanamupepukira. Kunja anthu anali atayamba kugogoda pa windo, wina akufunsa ngati kalaliki wapita kukadya. Olipa anangoyang'ana khoma la mbali ya kochapira zovala, ngati angaone kupyola njerwa.

Pa chipatalapo wodwala aliyense amakhala ndi wake womusunga, wogona pansi pambali pa bedi, womuphikira phala ku khitchini ya alendo, womutembenuza ndi kumupukuta. Manesi awiri pa odwala makumi asanu ndi limodzi sakanatha zimenezo, ndipo aliyense wa m'derali amadziwa.

"Pa pepala yanu apo," anatero Olipa, "palembedwa amene anali kumusunga?"

Fridah anadzuka, nayang'ana pa sikirini, ngakhale yankho anali ataliona kale. Malo a dzina la womusunga anali opanda kanthu.

"Palibe, amai."

"Masiku eyiti," anatero mayiyo motsitsa. "Madzi anali kumupatsa ndani?"

Fridah anafufuza pa khadi lonselo, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Zimenezo sizinalembedwe.