Zopepesa Zipite Kumunsi

Emeliana anali munthu wopepesa. Ngakhale nkhuku imupingase m'miyendo, woyamba kunena kuti pepa ankakhala iyeyo. Tsono kalata yopita kwa mlongo wake Damiano, amene sankalankhulana naye, mukuganiza kuti ikanayamba bwanji?

Mlandu wake unali wa maliro. Dzinja lapitalo Mwiza, mwana wa Damiano, anamwalira ku Lusaka, ndipo uthenga unafika kwa Emeliana kumudzi ku Shikabeta ataika kale. Emeliana anati apita mvula ikakata. Mvula inakata, chimanga chinakololedwa, manyazi anakula, iye osapita.

Tsopano amayi awo anali atagonekedwa m'chipatala cha Mpanshya, miyendo itatupa, mpweya ukuvuta. Adokotala anali atamuitanira pambali Emeliana n'kumuuza kuti aitane achibale msanga. Amayiwo m'mawa uliwonse funso lawo linali limodzi: “Damiano wabwela?”

Kalata yoyamba inadzaza pepala kutsogolo ndi kumbuyo. Inayamba ndi moni, inafunsa za alamu, inapepesa za maliro, inapepesanso chifukwa chochedwa kupepesa. Za amayi zinali kumbuyo, kumunsi kwenikweni, pakuti kwawo nkhani yoipa saiponya ngati mwala: umayamba wam'khazika munthu pansi. Anaipereka kwa Kingsford, kondakitala wa minibasi, amene ankadziwa galaja yomwe Damiano ankagwirako ntchito.

Sabata inatha, zii. Emeliana anakam'dikirira Kingsford kumsewu.

“Ninabapasa m'manja, amai,” anatero Kingsford, phazi limodzi lili kale m'galimoto. “Banabelenga chabe pamwamba, nkhope yasintha. Ati, ‘Za Mwiza futi?’ Bapeteka, baika mu thumba ya ovolosi, bangena pansi pa motoka. Ngati muli na ina, mailo kuseni nipita.”

Emeliana anabwerera kuchipatala kuti akalembe kalata ina yoti apereke m'mawa mwake. Mantha anam'gwira kwambiri, chifukwa tsiku limenelo amayi anali atakana ngakhale phala.

Madzulo ake anakhala pakhonde la nyumba ya odwazika matenda, kope lili pabondo, n'kuyambanso. Pafupi naye panali amayi Olipa, aphunzitsi a ku Chinyunyu, amene ankadwazika amuna awo. Anali mayi wosadziwa kuona cholembedwa osachikonza. Ngakhale chikwangwani cha pagolosale ankachiyang'ana ngati akufuna kuchipatsa malikisi. Ataona mapepala ong'ambidwa akuchuluka, anapempha kuti amve.

Emeliana anawerenga motsitsa mawu: “Okondeka achikulire anga, choyamba ndipereka moni, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Pepani kuti ndikuvutitsaninso ndi kalata, ndidziwa muli ndi zochita zambiri, ndiponso ndidziwa kuti ndinakulakwirani, sindiyenera ngakhale kukulemberani, koma ngati mungapeze mpata wowerenga, ngakhale sindikukakamizani...”

“Imani,” anatero a Olipa. “Mwafika pakati pa pepala, sininamve chamene mufuna. Tsekani buku. Ganizani kuti ba Damiano baimilila apa, motoka iliza huta, bafuna kukwela. Muzabauza chani?”

“Nizabauza kuti banikhululukile.”

“Ndiye chamene mwalembela?”

Mawu a Emeliana anatuluka okha, osapempha chilolezo. “Amai bali pafupi kufa. Babwele.”

“Lembani yamene iyo.”

“Iyayi, ba ticha! Munthu akali moyo nilembe kuti azafa? Si kubaitanila imfa kumeneko? Elo kwa mukulu wanga, kopanda na moni?”

A Olipa anafewetsa mawu. Anati sakunyoza mwambo: pamaso, munthu ukhoza kumuzungulira, chifukwa ali pomwepo ndipo sathawa usanamalize. Koma pepala salimvera ulemu. Wotopa kapena wokwiya amawerenga mizere iwiri n'kupinda, choncho mzere woyamba uyenera kusenza zonse: chachitika n'chiyani, kuti, ndipo wowerengayo achite chiyani, liti. Ngati mawu oti imfa akumulemera, alembe zimene adokotala ananena, pakuti n'zoona ndipo n'zokwanira.

“Nanga kupepesa?”

“Kupepesa kuyende pansi. Ngati bafika kumeneko, bazakupeza. Ngati sibafika, chachikulu bamva kale. Apa mwaika mulandu wanu pa khomo, amai banu mwabasiya kuseli kwa nyumba.”

Mawu amenewo anamulasa Emeliana, ndipo anakwiya, poti anali oona. Anatenga bolopeni ya aphunzitsiwo n'kudula ndime yonse ija. Kenaka analemba pa pepala latsopano:

“Ba Damiano, bwerani ku chipatala cha Mpanshya lero lomwe, amayi adwala kwambiri ndipo adokotala ati achibale afike msanga.”

Pansi pake anawonjezera kuti amayi akumufunsa tsiku lililonse, kuti akwere minibasi ya Kingsford pobwerera, ndipo pomalizira penipeni: “Za Mwiza ndinalakwa, tidzakamba mukafika.” Kalata yonse sinafike ngakhale theka la pepala. Emeliana anaiona ngati munthu wotuluka m'nyumba osavala, koma m'mawa anaipereka.

Tsiku limenelo amayi sanafunse funso lawo lija. Milomo inkagwedera, mawu osatuluka. Emeliana ankawanyowetsa pakamwa ndi kansalu, khutu lili kumsewu.

Damiano anafika dzuwa litapendeka, ali mu ovolosi yomweyo, girisi ali m'zikhadabo. Sanapite n'kunyumba komwe kukasintha. Anagwada pambali pa bedi.

“Amai, nabwela. Ndine Damiano.”

Amayi anatsegula maso. Anamuyang'ana nthawi yaitali, dzanja lawo n'kufufuza mpaka linagwira mkono wake. Anayesa kunena kanthu, koma kunangotuluka mpweya. Damiano anasendeza khutu, anadikira, anasendezanso. Panalibe.

Atatuluka panja, anatembenukira mlongo wake maso ali psu.

“Banaleka liti kukamba?”

“Lelo kuseni.”

“Manje iwe, munthu adwala so, unakangiwa kuniuza kudala?”

“Ninakuuzani,” anatero Emeliana. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wake, pepani sanabwere pakamwa. “Mu kalata yoyamba. Kumbuyo.”

Damiano anapisa dzanja m'thumba la pachifuwa. Kalata ija inali momwemo, yopindidwa, yothimbirira ndi mafuta. Anaitambasula, anadutsa moni, anadutsa zopepesa zonse, n'kuitembenuza. Emeliana anaona milomo yake ikuyenda mpaka kumunsi, pamene panalembedwa kuti amayi akudwala ndipo akuti ali ndi mawu ofuna kumuuza iye yekha.

Damiano anakhala pansi pa simenti, pepala lili m'manja.

“Banali kufuna kuniuza chani?”

Emeliana anapukusa mutu. Anali atawafunsa kangapo sabata yonse ija, koma amayi ankangoti adikira mwini wake.