Zotsala pa Msonkho wa Atelala

Atelala analowa mu ofesi ya msonkho Lachisanu m'mawa atafumbata chikwama kukhwapa, amuna awo akutsatira pambuyo ndi envulopu ya malisiti. M'chikwamamo munali 108,000 kwacha, ndalama ya makina osokera amene anagulitsa dzulo lake mtima ukuwawa. Anali ndi makina atatu, tsopano anatsala awiri. Chimene ankafuna chinali pepala limodzi lokha, chiphaso chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho. Kampani ina ya alonda inawalonjeza ntchito yosoka mayunifolomu mazana awiri, shati ndi thalauza lake, koma inanenetsa kuti chiphasocho chifike isanakwane 4 koloko tsikulo. Chikapanda kufika, ntchito ipita kwa wina.

Amuna awowa anthu ankawatcha Aloya, chifukwa kalekale anagwirapo ntchito ya umesenjala ku ofesi ya maloya. Anangokhalako chaka chimodzi, koma malamulo amene anatolako sanathe mpaka lero. Ndi iwowa amene anawerengera kuti ngongole yotsala ndi 108,000, ndipo anawerengera mokweza, cholembera chili kukhutu.

Nkhani yake inali chonchi. Msonkho wa shopu unali 600,000, woyenera kulipidwa pofika 31 Januwale. Januwale yemweyo denga la shopu linadontha, nsalu za eni zinanyowa, ndalama ya msonkho inathera kulipira eni nsaluzo. Atelala anasonkhanitsa pang'onopang'ono, ndipo Lachisanu pa 30 Meyi anapatsa Aloya 600,000 yathunthu kuti akalipire. Aloya anati msonkho ukangolipidwa chiwongoladzanja chimaima, chindapusa ndi zina zotsala zikhoza kudikira mpaka mtima utakhala pansi. Atelala anakhulupirira, poti munthu akamalankhula ataika manja kumbuyo amaoneka ngati akudziwa.

Anakhala pa benchi maola awiri. Fani ya kudenga inkazungulira mwaulesi, ikungosuntha fungo la thukuta kuchokera uku kupita uko. Nambala yawo itaitanidwa, anapeza kalaliki wa magalasi okhuthala, nkhope ya munthu amene wamva madandaulo onse a pansi pano ndipo palibe limene limamudabwitsanso. Kalalikiyo analemba nambala ya shopu pa kompyuta, n'kuyang'ana kanthawi.

"Mayi, ngongole yanu ndi 127,200."

"Mwalakwitsa achimwene," anatero Aloya asanafunsidwe. "Ndi 108,000. Chindapusa ndi 10 peresenti ya 600,000, imeneyo ndi 60,000. Chiwongoladzanja ndi 2 peresenti pamwezi, 12,000. Miyezi inayi, 48,000. Phatikizani muone."

Kalaliki anatenga kapepala n'kuyamba kulemba, osakweza n'komwe mutu.

"Chindapusa mwakhoza, 60,000, ndipo chimabwera kamodzi kokha. Chiwongoladzanja cha pamwezi mwakhozanso. Koma miyezi ndi isanu. Febuluwale, Malichi, Epulo, Meyi, Juni."

"Juni walowapo bwanji?" anafunsa Atelala. "Tinalipira pa 30 Meyi."

"Kuno kukuonetsa pa 2 Juni."

Atelala anatembenuka pang'onopang'ono. Aloya anali atayamba kuyang'ana chikwangwani cha pakhoma choletsa kusuta, ngati chili ndi nkhani yaikulu.

"Bambo, ndalama ija ndinakupatsani liti?"

"Lachisanu, inde. Koma mayi, mzere wake tsiku limene lija unafika mpaka panja. Ndiye ndinaona kuti Lachisanu ndi Lolemba n'chimodzimodzi, poti Loweruka ndi Lamlungu ofesi sagwira. Pa lamulo masiku amenewo sawerengedwa."

"Kuno timawerenga mwezi," anatero kalaliki. "Mukangolowa mwezi wina, kaya ndi tsiku limodzi, timatenga mwezi wathunthu. Masiku awiri a Juni aja ndi 12,000."

Atelala anakumbukira lisiti la 600,000 lija, mmene Aloya analipindira bwinobwino n'kuliika okha m'envulopu, akuti mapepala a boma safuna manja ambiri. Masiketi angati amene munthu amasoka kuti apeze 12,000? Anafuna kufunsa pomwepo, koma kumbuyo kunali anthu, ndipo ena anali atayamba kale kutchera khutu.

"Chabwino," anatero akudziletsa. "60,000 kuphatikiza 60,000 ndi 120,000. Nanga 7,200 inayo yachokera kuti? Msonkho weniweniwo si tinamaliza?"

"Simunamalize."

"600,000 yonse ija?"

"Pa 2 Juni ngongole yonse inali 720,000. Ndalama ikabwera yosakwana, imayamba yatseka chindapusa ndi chiwongoladzanja, yotsala ndiyo imapita ku msonkho. Pa 600,000 yanu, 120,000 inapita kumeneko, ku msonkho kunapita 480,000. Choncho chimene chinatsala si chindapusa ayi, ndi msonkho weniweni wa 120,000, ndipo msonkho umabereka."

"Koma ine ndinanena pa windo kuti iyi ndi ya msonkho," anatero Aloya. "Ndinanena momveka bwino."

"Kompyuta simva zonena pa windo, bambo." Kalaliki anapitiriza kulemba. "2 peresenti ya 120,000 ndi 2,400. Julayi, Ogasiti, ndi Sepitembala uno, miyezi itatu, 7,200. Zonse pamodzi 127,200."

Anakankhira kapepalako pansi pa galasi. Atelala anakawerenga kawiri, akuyembekeza kupeza pamene palakwika kuti apeze wokalipira. Panalibe. Chinawapweteka kwambiri n'chimenecho, kuti masamu ake anali owongoka ngati msoko wa makina atsopano, ndipo munthu woyenera kukalipidwa anali yemwe anabwera naye.

"Ndili ndi 108,000," anatero motsitsa mawu. "Landirani imeneyi, mundipatse chiphaso, yotsalayo ndibweretsa sabata yamawa. Ndikulumbira."

"Ndalamayo tilandira. Idzatseka 7,200, yotsala ipite ku msonkho, mutsale ndi 19,200. Koma chiphaso chimatuluka pakakhala ziro."

"Palibe kukhululuka?" analowerera Aloya. "Lamulo limalola kupempha."

"Limalola. Mulembe kalata yopempha kuti akuchotsereni chindapusa, mufotokoze chifukwa. Akuluakulu amayankha pakapita masabata angapo, ndipo akhoza kukana. Podikirapo ngongole ikhala ilipobe."

"Ndilemba ineyo kalatayo," anatero Aloya, nkhope itawala.

"Mukangolemba chilichonse, bambo, mukagona ku shopu," anatero Atelala.

Anatuluka n'kukaima pakhonde, pafupi ndi munthu wojambula mapepala pa makina. Nthawi inali itadutsa 12 koloko, ndipo kalaliki anali atawachenjeza kuti windo lolipirira limatseka 3 koloko. Atelala anayamba kuimba mafoni. Kasitomala amene anatenga madiresi a ukwati osamaliza kulipira sanayankhe. Mng'ono wawo anati malipiro sanalowe. Mayi wosunga ndalama za gulu lawo lobwereketsana anati ndalama imatuluka pa msonkhano pokha, ndipo msonkhano ndi Lachiwiri. Wogula makina uja anaseka, akuti iyenso anachita kukongola. Aloya anapapasa m'matumba onse, ngakhale la kumbuyo limene aliyense ankadziwa kuti ndi lobooka, n'kupeza ya basi yokha.

"Pali achemwali," anatero Aloya potsiriza, mawu ali pansi.

Achemwali awo a Aloya analinso telala, shopu yawo ili msewu womwewo. Chiyambire, akazi awiriwa ankapatsana moni wa mano okha. Alamuwo ankati Atelala amasoka makolala opendama, Atelala ankati alamu amaba nsalu za makasitomala. Pa maliro ndi pa maukwati ankakhala mphasa imodzi, koma ulusi sankabwerekana.

"Ayi," anatero Atelala.

Anaimbanso mafoni ena atatu, mpaka anafika pa dzina la munthu amene anamwalira chaka chatha. Anayang'ana nthawi. Kenako anapatsa Aloya foniyo osawayang'ana.

Alamu anafika pa njinga yamoto pasanathe theka la ola, tepi yoyezera ili m'khosi. Munthu wothamangira kukathandiza abale ake pa vuto sakumbuka tepi, koma awa anaikumbuka.

"Pepani alamu," anatero akutsika. "Zinthu za msonkhozi zimafuna munthu wadongosolo. Ine ndimalipira tsiku lisanafike."

"Ndi 19,200, alamu. Ndibweza pakutha pa mwezi, ndiwonjezerapo kangachepe."

"Ine katapila sindichita, makamaka pa abale. Ndalamayi tengani, musabweze n'komwe." Anaitulutsa n'kuigwira m'manja. "Koma ndamva kuti mayunifolomu ndi mazana awiri. Ndi makina awiri mumaliza liti? Mudzachita manyazi. Tigawane. Ine mashati, inu mathalauza."

Atelala anayang'ana amuna awo. Za mazana awiri ndi za makina ogulitsidwa sizinanenedwe pa foni ija, iwo anali pomwepo akumva. Ndiye kuti nkhaniyi inafika kwa alamu kale, ndipo wonyamula wake anali ataimanso n'kumawerenga chikwangwani china.

Mashati ndiwo anali ndi phindu. Nsalu yake yotchipa, kusoka kwake kofulumira, pamene thalauza la mlonda lili ndi matumba anayi, zipi ndi malupu a lamba. Atelala anawerengera mumtima ndipo anaona kuti 19,200 imeneyi iwadyera ndalama yoposa makina amene anagulitsa aja. Anafuna kulira, anafunanso kumenya munthu ndi chikwama. Mlonda wa pakhomo la ofesi anadutsa akuuza anthu kuti ofuna kulipira afulumire.

"Bweretsani," anatero Atelala.

Analipira 127,200 pa windo, n'kubwerera kwa kalaliki uja ndi lisiti. Iye anadina apa ndi apo, makina analira, pepala linatuluka lofunda. Anadinda chidindo n'kusayina.

"Chaka chamawa, mayi, mukachedwa muzibwera kudzafunsa chiwerengero chonse tsiku lolipira lomwelo. Ndipo muzibwera nokha."

Ku kampani ya alonda anafika onse atatu nthawi ikadalipo pang'ono. Bwana wogula katundu anayang'ana chiphasocho, n'kugwedeza mutu, n'kunena kuti ntchito ndi yawo, kuyeza anthu akhoza kuyamba ngakhale pomwepo poti a shifiti ya madzulo anali atafika. Atelala anatsegula pakamwa kuti anene kuti abwera Lolemba, koma alamu anali atavula kale tepi m'khosi n'kuitana mlonda woyamba.

"Imani mowongoka achimwene, tambasulani manja." Anayeza n'kucheuka. "Alamu, mwangoima? Tengani cholembera kwa achimwene angawo muzilemba. Chifuwa 42."

Atelala anatenga cholembera, n'kutembenuza envulopu ya malisiti ija, n'kulemba 42.