Malaya Makumi Anayi ndi Asanu ndi Limodzi

Fakitale yosoka mayunifomu italengeza kuti itseka kumapeto kwa mwezi, mayi wodula nsalu, amene anzake ankangomutcha Masizasi, anapita kwa mlangizi wothandiza ofuna ntchito. Anali ndi ana atatu, ndipo pakamwa pa ana sipadziwa kuti fakitale yatseka.

Mlangiziyo anawerenga mbiri ya Masizasi pa tsamba la pa intaneti la ofuna ntchito, n'kupukusa mutu.

"Mwalemba kuti ndinu wokonda ntchito ndi mtima wonse, wolimbikira, wofuna zotsatira zabwino. Amayi, ngakhale mlesi wogonera pa mashini amalemba zomwezi. Chotsani. Lembani chimene munachita, ndi chimene chinasintha mutachita."

Masizasi anaganiza masiku awiri, kenako analemba papepala kuti: "Ndinasintha kayalidwe ka mapatani pa nsalu, moti mpukutu umene unkatulutsa malaya makumi anayi unayamba kutulutsa makumi anayi ndi asanu ndi limodzi." Atawerenga anasangalala, chifukwa kwa nthawi yoyamba mbiriyo inkanena za iyeyo.

Koma foni yake inali yong'aluka galasi, yovuta kulemberapo. Choncho pepalalo anapatsa mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake, yemwe anali kapitawo m'fakitale momwemo. Ukapitawo wa mayiyu unali woyendayenda ndi makiyi basi.

"Alamu, mundiikireko izi pa mbiri yanga ya pa intaneti ija. Nanunso chotsani zija za mtima wonse, mulembe zimene munachita."

"Musadandaule, alamu, ndikonza lero lomwe."

Panapita milungu itatu foni ili zii. Masizasi atatopa kudikira ananyamuka yekha kupita ku kampani ina yosoka imene inkafuna mkulu wa odula nsalu. Bwana wa kumeneko anamumvetsera akufotokoza za mapatani, kenako anamutembenuzira kompyuta.

"Mukunena izi?"

Chiganizo chinali chake chija, osasintha ngakhale liwu limodzi, koma pamwamba pake panali chithunzi cha mlamu wake akumwetulira. Bwanayo anatsegulanso mbiri ya Masizasi. Munalibe chatsopano chilichonse.

"Mayiyu tinamulemba ntchito sabata yatha chifukwa cha mzere umenewu," anatero bwanayo. "Anali kapitawo wanu eti? Apansi ambiri amakonda kudzitama ndi ntchito ya akuluakulu awo."

Mumtima mwa Masizasi munawawa koopsa. Munthu amene Masizasi anamugonera kuchipatala pobereka, ndiye amudyere masuku pamutu chonchi. Anafuna kupempha nsalu ndi choko kuti aonetse pomwepo mwini luso, koma kutero kunali kuchotsetsa ntchito mkazi wa mchimwene wake, pomwe mchimwene wakeyo nayenso anali pa ulova.

"Komabe malo alipo amodzi," anapitiriza bwanayo. "Mayi omwewa apempha wowathandiza wodziwa kudula, ndipo anatchula inuyo. Akuti mumamva msanga mukaphunzitsidwa."

Masizasi anakumbukira ana ake atatu aja.

"Ndiyambe liti, bwana?"