Mbewu Zidikire Lachisanu

Tebulo la pakhomo pa sitolo linali limodzi, koma chaka chino zinthu zitatu zinkalilimbirana. Mvula inachedwa, sukulu imatsegulidwa Lolemba, ndipo malipiro a apantchito anali Lachisanu la mlungu womwewo.

Mayi wa sitoloyo anaima akusisita msana, maso ali pa makatoni a mbewu ya chimanga. Chikwangwani cha "Mbewu zatsika mtengo" chinali chitafwifwa ndi dzuwa. Alimi ankalowa, n'kugwiragwira paketi, n'kuyang'ana kumwamba, n'kutuluka atangogula machesi.

Panja panali lole ya kampani ya mbewu. Lero linali tsiku lomaliza lobweza makatoni osatsegula. Mayiyo akawasunga mvula n'kupitirira kukana, alimi adzafuna mbewu yocha msanga, yakeyi n'kungomutsalira, ndipo chaka chamawa palibe angaigule.

"Mayi, tikweze kapena tisakweze?" anafunsa dalaivala. "Injini ikumwa mafuta, ine sindinamwe ngakhale tiyi."

Mwamuna wake anatulukira kuseri kwa kauntala atanyamula mtolo wa makope. "Bwezani zimenezi, amake mwana. Apa tiyale makope ndi zolembera, wogula makope khumi tizimupatsa pensulo. Makolo ayamba kale kufunsa."

"Akufunsa, koma akugula?"

"Adzagula Lachisanu akalandira."

"Lachisanu akalandira adzagula makope ngakhale titapanda kuwapatsa pensulo. Mwana sangapite kusukulu ndi manja okha. Mphatsoyo ndi ya mawa ndi Lolemba, pamene matumba ali owuma."

"Nanga chimanga chanuchi? Tizikazinga?"

Dalaivala anaseka. Mayiyo sanaseke. Zaka zonsezi anali ataona aphunzitsi, anamwino ndi alonda akalandira: ankagula shuga ndi sopo, kenako n'kufunsa mbewu yoti atumize kwa makolo kumudzi. Iwowo sankayang'ana mitambo, ankaopa foni ya mayi awo. Koma chaka chino fizi ndi yunifolomu zinali zitawadikira pakhomo. Kodi m'thumba mudzatsala kanthu? Iye sankadziwa, ndipo anali atatopa nako kulosera matumba a anthu ena.

"Kwezani anayi," anatero. "Awiriwa atsale."

"Awiri athunthu?" Mwamuna wake anagwira m'chiuno. "Mukadzalira ine musadzandidzutse."

"Inu mumadzuka liti?"

Dalaivala anakweza makatoni anayi, namenya chitseko, lole n'kunyamuka ndi fumbi lake. Zobweza zinathera pomwepo.

Mayiyo anakokera makatoni awiri aja mkati, pamthunzi, kutali ndi palafini. Anapukuta tebulo, nayalapo makope, mapensulo ndi polishi wa nsapato. Kenako anatembenuza chikwangwani chija, n'kupatsa mwamuna wake choko.

"Lembani za sukulu. Lachinayi madzulo mudzafufute, tidzabwezerepo mbewu pambali pa shuga."

"Zikapanda kuyenda?"

Mayiyo anakhala pa thumba la mchere, navula nsapato imodzi.

"Lembani kaye, bambo. Miyendo ikundiwawa."