Mbozi Zozolowera

Dzuwa la Januwale ku Tembwe limalemetsa zikope, ndipo Dorcas Goma, amene amaphunzira zaulimi ku koleji, analimva bwino masana amenewo. Anali pa tchuthi kwawo, atakhala pansi pa mtengo wa msikidzi m'mphepete mwa munda wa bambo ake, cholembera kukamwa. Aphunzitsi anamuuza kuti alembe chimangirizo choyerekeza njira ziwiri: kudalira mankhwala okha, ndi kuphatikiza njira zambiri poteteza mbewu. Koma maso ake sankakhala papepala. Chimanga chomwe banja lonse linkadalira chaka chimenecho chinali chibowolebowole, ndipo pamtima pa phesi lililonse panali ndowe za mbozi zonga utuchi.

Bambo ake, a Cyprian, ankayenda m'mizere sipuleya ili kumsana. Munthu wokonda sipuleya ngati iwo kunalibe. Mankhwala ake anali omwe aja otsala ku thonje, mtundu umodzi chaka ndi chaka, ndipo aka kanali kachitatu kupopera.

"Zazolowera izi!" anafuula a Cyprian. "Manje mailo kukacha nizaika tuvivindikiro tuwiri, tione ngati zizaseka."

Dorcas analemba mawu akuti kuzolowera, nawayang'ana mpaka zilembo zinayamba kusambira. Mphepo inkachokera ku dambo, njiwa zikulira chapatali. Tulo tinamutenga.

M'malotomo chimanga chinatalika kufika kumitambo, iye nachepa mpaka kulowa pamtima pa phesi. Munali mobiriwira, mozizira bwino. Kunja kunkagwa mvula yowawa, ndipo timbozi tating'ono tinkagwa mwakachetechete, miyandamiyanda. Koma tiwiri titatu sitinagwe. Palibe chomwe tinaphunzira, tinangobadwa tolimba. Dorcas anationa tikukula, tikulowa m'nthaka, tikutuluka ndi mapiko otuwa, tikuikira mazira pamasamba. Ana a timbozito onse anabadwa olimba ngati makolo awo, ndipo mvula yowawa ija itabweranso, ankangodya osacheuka.

Anadzidzimuka. Anafufuta mawu aja, nathamangira m'munda.

"Adada, sizizolowera iyai. Imwe ndimwe musankha. Mupha zofooka, zolimba zisala, zibala zinzake. Mukaonjeza mankhwala yamene aya, musankha zolimbiratu."

A Cyprian anamuyang'ana cham'mbali. Mwana ndi mwana, ngakhale atavala nsapato za ku koleji. Koma anatsegula phesi limodzi, napeza chimbozi chonenepa chitabisala pansi pa ndowe zake, pamene dontho la mankhwala silinafike n'komwe. Mantha anawagwira, chifukwa nkhokwe inali itayamba kale kuoneka pansi.

"Manje tichite bwanji, mayo?"

Dorcas anawauza zomwe zinayenera kulowa m'chimangirizo chija. Kuyendera munda m'mamawa, kuphwanya mazira ndi chala, kutola zikuluzikulu ndi manja, kuthira mchenga wosakaniza ndi phulusa pamtima pa chimanga. Mankhwala akhale omaliza, a mtundu wina woyenera chimanga, opopera dzuwa litapendeka mbozi zikadali zazing'ono. Anatchulanso zomwe alimi ena amachita: kuwaza msuzi wa tinsomba ta kapenta pa chimanga kuti nyerere zibwere, chifukwa zikakwera phesi zimakoka timbozi n'kupita nato kudzenje.

Apa a Cyprian anaseka mpaka kutsokomola. Ndiwo zothira m'munda! Komabe anati ayesa, poti m'munda mwawo nyerere zinali zosowetsa mtendere kuyambira kalekale. Iwo ali mnyamata sankatha kukhala pansi popalira.

M'mawa mwake anawaza msuziwo mzere ndi mzere, fungo lake likuyandama m'nkhungu. Kenako bambo ndi mwana anakhala pamzere kudikira. Nkhungu inakwera, mame anauma, mthunzi wa msikidzi unafupika. Dorcas ankaona ngati akadali m'maloto aja, munda wonse uli duu, masamba obowoka akulowetsa timadontho ta dzuwa.

Panabwera ntchentche zochepa. A Cyprian anagwada, nafukula dothi ndi kamtengo, nasuzumira m'makhwapa mwa masamba. Anapita mzere wina, nafukulanso. Kangaude sanamuone, mavu omwe kale ankazungulira chimanga kusaka mbozi kunalibe, nyerere zinali imodziimodzi. Anakhala pansi, padothi lomwelo, ndipo palibe chinawaluma.

Dorcas anamva chisoni chachikulu powaona atakhala choncho, manja ali pamaondo.

"Zizabwela, Adada, tikaleka kupopela-popela. Koma sizingafike lelo."

A Cyprian anayang'ana chimanga chawo. Kenako anakwinya manja a malaya, natsegula phesi loyamba ndi zala.

"Bwela unithandize," anatero motsitsa mawu. "Anchito anga ninawapha neka."