Dzanja la Lestina

Tsiku limenelo kunacha ndi guti, kamvula kosanyowetsa nthaka koma kolowetsa chisanu m'mafupa. A Lazalo anali pakhomo akumanga zingwe za nsapato kuti apite ku shedi yosankhira fodya, pamene anamva Lestina akufuula m'nyumba, mawu amodzi okha, aafupi.

Anamupeza atagwada. Mwana wa Lestina anali pa matiresi, akulira ndi mantha chabe, osavulala. Lestina anali atafumbata dzanja lake lamanja pachifuwa.

"Wandipulumuka, ababa. Ndimamudzutsa, ndiye panabaya apa ngati singano."

Analoza pamfundo ya dzanja, m'munsi mwa chala chachikulu. Panali potupa pang'ono.

"Kuyambira liti?"

"Masabata atatu."

A Lazalo anayang'anitsitsa potupapo. Mkazi wawo Ruth anamwalira zaka zinayi zapitazo, ndipo kuchokera pamenepo nyumba yawo pa komboni ya pulazi, famu ya fodya, kufupi ndi Mhangura, inali zii ngati balani yopanda fodya. Lestina, mwana wawo mmodzi yekhayo, anabwera kudzachirira kwawo chifukwa mwamuna wake Tawanda amagwira ntchito ku migodi cha ku Darwendale. Tsopano mwanayo, Believe, anali ndi miyezi itatu, wonenepa, wa masaya ngati mabanzi. Apongozi a Lestina ku Guruve anali atatumiza kale mawu kawiri: nyumba yopanda mayi siyolereramo khanda, abwere kuno. A Lazalo anadziwa kuti nkhani ya lero ikafika ku Guruve, mawu achitatu sadzakhala opempha.

Mai Luiza oyandikana nawo analowa osagogoda.

"Nanga si kubinya kumeneku? Ndakhala ndikumuthowa madzulo aliwonse, n'kumukoka chalacho mpaka chilire. Bwera nalo kuno dzanjalo."

"Ayi," anatero a Lazalo.

"Inu sekuru, agogo aamuna, za azimayi mumazidziwira kuti?"

"Mwakoka masabata atatu."

A Lazalo anavula jasi yawo n'kufunditsa mwana. Ku shedi sanapite.

Pa kiliniki anapeza nesi wamkulu msinkhu, Sisita Primrose, wolankhula Chishona chosakaniza ndi Chichewa cha pa komboni. Anauza Lestina kuti apinde chala chachikulu m'kati mwa chikhatho, afumbate, kenako apendeketse dzanja cha ku kachala kakang'ono. Lestina anangoyamba, n'kuluma mlomo.

"Basi, zakwana. Tsopano ndionetse mmene umamunyamulira."

Lestina analowetsa manja m'khwapa mwa mwana, zala zazikulu zitatambasuka pachifuwa pake, zinazo kumsana.

"Ndi pamenepo. Kangati pa tsiku? Makumi atatu? Ndipo mfumuyi ikulemera sabata ndi sabata." Sisita anagwira pamalo potupapo mofatsa. "Apa pamadutsa mitsempha iwiri yokoka chala chachikulu, m'kanjira kothina ngati chingwe cha buleki ya njinga m'paipi yake. Ukanyamula chala chili chotambasuka, dzanja litapindika, imakhulana ndi kanjirako. Kamatupa, kamathina, ndiye uliwonse ukasuntha chala pamapweteka. Amayi ambiri oyamwitsa zimawachitikira. Sipanathyoke. Wina asakukokenso."

A Lazalo anayang'ana kudenga.

Sisita anati poyamwitsa aike mwana pa pilo, mutu ugone pa mkono, osati kuuchirikiza ndi chikhatho. Pakapweteka aikepo nsalu ya madzi ozizira. Kufinya matewera asiye. Chala ndi dzanja zimangidwe kuti zipume masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, ndipo zikakanika pali jakisoni ku chipatala chachikulu.

"Koma zomangira zinatha. Chikufunika chogwira kuyambira pakati pa mkono mpaka pa chala chachikulu, zala zinazi zizisewera. Ndipo ponyamula, usatsine. Lowetsa mkono pansi pake, chikhatho chayang'ana kumwamba, dzanja lowongoka, chala chachikulu chili pamodzi ndi zinzake."

"Ngati fodya," anatero a Lazalo.

Sisita anawayang'ana. Anali asanamve mawu awo chilowereni.

Kunyumba Lestina anakhala pa mpando, maso ali pa mwana, manja ali pamiyendo. Believe analira, iye osasuntha.

"Ndikuopa, ababa. Mwina ndingopita ku Guruve."

A Lazalo anatuluka. Anabwera ndi mpukutu wa fodya wouma umene kapitawo anawabwereka, masamba achikasu ophwanyika msanga, n'kuuika pa mphasa.

"Nyamula."

Lestina anautsina ndi dzanja lamanzere. Masamba analira tswa, tizidutswa n'kugwa.

"Waononga giredi."

A Lazalo anagwada okha. Zaka makumi atatu ndi zisanu akutsitsa fodya m'balani, palibe kapitawo anawadzudzulapo za tsamba losweka. Analowetsa mkono wonse pansi pa mpukutuwo, zala zitagundana, dzanja linalo n'kuchirikiza kumapeto, n'kuukokera pachifuwa asanaimirire. Palibe tsamba linalira. Anauikanso pansi.

Lestina anayesa kanayi. Kachisanu fodya anakhala chete.

"Tsopano uyo," anatero a Lazalo, akuloza mwana.

Lestina anamutembenuzira Believe cham'mbali pang'ono, mkono wina pansi pa mutu ndi msana, wina pansi pa matako, n'kumukokera pachifuwa. Anaima akudikira singano ija. Inangomveka patali.

"Ndiye mdzukulu wanu mwamuyesa fodya?" anatero, akuseka ndi misozi.

"Giredi yoyamba."

Masana a Lazalo anadula chidutswa cha paipi yakale ya pulasitiki yothiririra kuti apange chomangira chija, anaching'amba pakati, n'kumachifewetsa pa makala ndi kuchipinda pang'onopang'ono, akuyeza pa dzanja lawo lomwe kuti mwana wawo asapse. Choyamba chinathina. Chachiwiri chinapanikiza potupa pomwepo, ndipo anachitaya. Chachitatu anachipala m'mbali ndi mpeni. Anatsegula sutikesi imene sanaitsegule zaka zinayi, anatulutsa zambia ya Ruth, chitenje cha maluwa obiriwira, n'kung'ambako mzere woyala m'kati ndi wina womangira.

Lestina anaizindikira nsaluyo. Anatambasula dzanja osafunsa.

Mawa lake anabwerera ku kiliniki kukaonetsa chomangiracho. Sisita anachitembenuza uku ndi uku, analowetsa chala chake pansi pa nsalu kuona ngati sichikuthina, anauza Lestina kuti asewereze zala.

"Zala zikachita dzanzi kapena kuzizira, umasule. Sekuru, mukadzatopa ndi fodya mubwere kuno."

Madzulo Tawanda anaimba foni. Amayi ake anali atamva kale. Pa komboni nkhani siigona. A Lazalo anamvetsera ali panja pamene Lestina ankafotokoza za mitsempha, za pilo, za paipi.

"Koma amayi akufunsa," anatero Tawanda pa sipika, "kuti wochapa matewera ndani? Wokubereketsa mwana kumsana ndani, poti mfundo ya mbereko sungamange?"

Lestina anaganizira za oyandikana nawo. Mai Luiza amalawirira ku shedi, ndipo ali ndi adzukulu awo anayi.

A Lazalo anasuzumira pakhomo.

"Alipo."

"Ndani, baba?"

Koma iwo anali atabwerera kale panja.

Kutacha, pa chibhorani, mjigo wa pa komboni, panali azimayi asanu ndi mabeseni awo, ndi amuna opita ku shedi akudutsa. A Simao, mnzawo wa pa balani, anaima ataona beseni lili m'manja mwa a Lazalo.

"Achimwene, mwakwezedwa pa ntchito? Tikuguleni duku?"

Azimayi anaseka. Mai Luiza anapukusa mutu, koma anasendeza beseni lawo kuti pakhale malo.

"Muyambe mwatsukuluza, sekuru, sopo pambuyo."

A Lazalo anatula beseni, anapinda manja a malaya, n'kuyamba kuchapa thewera loyamba.