Folo Koloko ya pa Chulu

"Zikhomozi wakhoma ndani m'dimba mwanga?" anafunsa Dyness Nyatembo, ataponya chikhomo chimodzi patsogolo pa mlamu wake, a Louis Shaba.

"Ndine, mlamu," anayankha a Louis osagwedezeka. "Mwana wanga Calvin akufuna pofesa nazale ya fodya. Dimba ndi la kwa Shaba. Mkulu wanga anamwalira, ndipo mwana wake anatchona."

"Zondwayo sanatchone. Ali ku sukulu."

"Chaka chachiwiri ichi ali ku Scotland! Mtchona aliyense amayamba ndi sukulu kapena ntchito. Mbwenu zii."

Linali Lamulungu lomaliza la Okutobala, dzuwa likuswa mtengo m'mudzi mwawo kuseri kwa Embangweni. Ankhazi Rhoda, mlongo wa a Louis ndi malemu, anabwera kudzamva nkhaniyo akuchokera kutchalitchi, ndipo anali atatopa nawo onse awiri.

Dimbalo linali m'mbali mwa dambo, ndipo silinkauma ngakhale m'chilimwe. Kuyambira pamene mwamuna wake anamwalira, Dyness ankadya tomato ndi mpiru wa mmenemo. Kumulanda dimba kunali kumuuza kuti abwerere kwawo kwa a Tembo.

"Mwini dimba ndi Zondwayo," anatero ankhazi Rhoda. "Ngati sanatchone, alankhule yekha."

"Alankhula lero," anatero Dyness. "Folo koloko. Tiyeni kuchulu."

M'mudzimo netiweki inkagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa khola. Kafoni ka Dyness kanali ka mabatani, batire lake lotupa, lomangidwa ndi mphira. Ankakatchajitsa Loweruka pagolosale ya sola, n'kukazimitsa. Lamulungu ankakayatsa folo ikangotsala pang'ono, ndipo pakapita mphindi makumi awiri kankafa kokha.

A Louis anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwaiwala chaka chatha, mwezi ngati uno? Munaima pachulu ngati mbuzi yomangirira, foni osalira. Mudzi wonse unakuonani."

Dyness sanaiwale. Tsiku limenelo anatsika pachulu akulira. Koma lero anamanga chitenje, n'kutsogola.

Ku Glasgow, Zondwayo anali m'laibulale ndi anzake atatu, akukonza ntchito ya kalasi yoti akaonetse mawa lake. Za m'dimba sankadziwa kalikonse. Anadzuka bwino tsiku limenelo, osazindikira kuti wagona ola lowonjezera. Mawotchi a dzikolo anali atabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, monga amachitira dzinja lawo likayandikira, ndipo foni yake inadzisintha yokha osamufunsa. M'mutu mwake munali chizolowezi cha miyezi isanu ndi iwiri: amama ndi fili koloko. Nthawi inalipo yambiri.

Foni inanjenjemera patebulo. Inalemba kuti: "Amama ali pachulu. Mphindi 10."

Anayang'ana nthawi. Kunatsala mphindi khumi kuti ikwane thuu.

"Yapenga foni iyi," anang'ung'udza, chala chili pafupi kuchotsa uthengawo. Kenako anaona timawu ta m'munsi: 16:00, nthawi ya Blantyre. 

Anakumbukira. Chaka chatha anatchera alamu wamba pa fili koloko, chifukwa atafika, Malawi inali patsogolo ndi ola limodzi. Mawotchi atabwezedwa, kusiyanako kunakhala maola awiri. Alamuyo inalira pa fili ya kumeneko, kumudzi ili faifi, foni ya amama itafa kalekale. Sabata yotsatira amama anangoti, "Ndimayesa wadwala." Mawu amenewo anamupweteka kuposa kukalipidwa. Tsiku lomwelo anafufuta alamu ija, n'kulowa mukalendala ya pafoni. Analemba chikumbutso cha folo koloko, nthawi yake n'kusankha ya Malawi, dziko losasuntha mawotchi. Anachiika kuti chizibwereza Lamulungu lililonse, ndiponso chizilira kutatsala mphindi khumi. Tsopano kalendala inkawerengera yokha: kaya ku Glasgow ikhale thuu kaya fili, chinkalira amama akukwera chulu.

Anaimirira.

"Ukupita kuti?" anafunsa Charlotte, amene ankatsogolera gululo. "Gawo lako ndi lotsatirali. Unati uli nafe mpaka hafu thuu."

"Ndinalakwitsa. Ndikaimbire mayi anga."

"Sungawaimbire tikamaliza?"

"Ayi. Tikamaliza adzakhala atatsika."

"Atatsika pati?"

Zondwayo analibe nthawi yofotokozera mzungu za chulu. Anatola jekete n'kutuluka panja pamphepo. Foni ya amama inalibe intaneti, choncho ankaimba kudzera pa apu yoimbira manambala wamba akunja. Anaona kuti mayunitsi alimo, n'kudikira wotchi ifike pa thuu ndendende. Kuimba msanga kunali kungomva kuti nambala siikupezeka.

Pachulu, Dyness anali atayatsa kafoni. Anakakweza m'mwamba mpaka timizere tiwiri ta netiweki tinaoneka. Anachita mantha kwambiri, koma nkhope anaiumitsa. A Louis anakhala pansi pa chulu akuyang'ana wotchi yawo yapamkono.

"Folo yakwana, mlamu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mwana ali kutsidya kwa nyanja mukumuwerengera..."

Kafoni kanalira. Kanalira mokweza, kanyimbo kake kosasa kaja, mpaka nkhuku zinabalalika.

Dyness sanayankhe msanga. Anakasiya kalire kachiwiri, kachitatu, akuwayang'ana a Louis m'maso. Kenako anadina batani lokweza mawu.

"Monire, amama! Muli uli?"

"Ndili makora, mwana wanga. Pano pali ankhazi ako ndi adada ako aang'ono. Akuti unatchona. Akhoma zikhomo m'dimba."

Mufoni munkamveka mphepo ya kumeneko.

"Monire, ankhazi. Monire, adada," anatero Zondwayo, mawu ake ali phee koma olimba. "Ine sindinatchone. Sukulu ndimaliza Juni, Ogasiti ndili kumudzi. Dimba analisiya adada anga, ndipo akulima ndi amama. Ndapota, pasapezeke munthu wofesamo kanthu."

"Wamva, Louis?" anatero ankhazi Rhoda.

A Louis anadzuka, akukutumula fumbi kuthalauza. Anayandikira foni.

"Iwe, chaka chatha unawaimika amako padzuwa. Lero wakumbuka bwanji?"

"Ndinatchera chikumbutso pafoni, adada. Chimayendera nthawi ya kwathu."

"Ehe! Mwamva nokha! Akumukumbutsa ndi makina. Si mtima umenewo, ndi waya."

Apa Dyness anatsika masitepe awiri, foni ikadali m'mwamba kuti netiweki isathawe.

"Makinawo anawatchera ndani? Anadzitchera okha? Mwana analakwa kamodzi, n'kukonza. Inu mlamu, nyumba yanu ili apo, ndikuiona denga. Chichokereni pamaliro a akulu anu, mwaponda pakhomo panga kangati? Lero ndi koyamba, ndipo mwabwera ndi zikhomo. Gulani makinawo nanunso, mwina angakukumbutseni."

Ankhazi Rhoda anagwira pakamwa, koma kuseka kunatulukira m'mphuno. A Louis anatembenuka. Anavala chipewa chawo n'kulowera njira ya kwawo.

"Zikhomo zako ukazule wekha!" anakuwa ankhazi Rhoda.

"Asavutike," anatero Dyness. "Ndilibe nkhuni."

Kafoni kanalira kawiri kuchenjeza kuti batire latha. Dyness anakwereranso pamwamba, n'kukaika kukhutu.

"Wadya, iwe?"

"Ndidya, amama."

"Idya chomene. Lamulungu."

"Folo koloko, amama."

Kafoni kanazima. Dyness anakamanga pansonga ya chitenje, n'kutsetserekera kudimba. Tomato anali asanathiriridwe.